Makhadi a gilayikolisisi: mmene ntchito ikuyendera pokonzekera mayeso

Lolemba, sabata yoyamba

Mayeso a bayokemisitiri ali kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo gawo lalikulu ndi la mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga. Tili atatu pa ntchitoyi: ine wa ku Mufakose, mnzanga wa ku Highfield, ndi mchemwali wina wa ku Epworth. Tonse ndife adzukulu a anthu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito kuno ku Harare, choncho tikakhala patokha ku Mount Pleasant timafunsana m'Chichewa, ngakhale mayesowo tidzalemba m'Chingerezi.

Tagwirizana kuti cholinga chathu chikhale chimodzi, chooneka ndi maso. Munthu apatsidwe pepala losalembapo kanthu, ajambule gilayikolisisi yonse, njira imene selo limaphwanyira shuga, kuchokera pa gulukozi mpaka pa payiruveti, masitepe onse 10, enzayimu iliyonse pamalo pake, kenako afotokoze chimene chimatsegula ndi kutseka njirayo. Akatha zimenezo buku lili chitsekere, ndiye kuti wadziwa.

Kuwerenga mobwereza takuika pambali dala. Ukayang'ana chithunzi cha m'buku kachitatu, chilichonse chimaoneka chodziwika, mtima n'kukhala m'malo, koma kuchizindikira chinthu chili patsogolo pako n'kosiyana ndi kuchitulutsa m'mutu. Mu 2008, Karpicke ndi Roediger anayesa zimenezi ku America pophunzitsa ophunzira mawu 40 a Chiswahili. Amene anapitiriza kufunsidwa mawu onse, ngakhale amene anali atawakhoza kale, anakumbukira pafupifupi 80 pa 100 alionse patapita sabata. Amene anasiya kufunsidwa mawu akangowakhoza kamodzi anakumbukira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kuwerenganso mawuwo sikunawathandize. Chimene tatengapo n'chakuti khadi lisatuluke pamulu chifukwa choti walikhoza tsiku limodzi.

Ine ndi mchemwali wa ku Epworth tikugwiritsa ntchito mapepala a manila odula tizidutswa, oikidwa m'katoni ya nsapato yogawa zipinda zitatu. Njirayi ndi ya Sebastian Leitner wa ku Germany, ya mu 1972. Chipinda choyamba chimaonedwa tsiku lililonse, chachiwiri pakapita masiku atatu, chachitatu kamodzi pa sabata. Khadi ukalikhoza limasunthira kutsogolo, ukalilephera limabwerera m'chipinda choyamba, kaya linafika pati. Mnzanga wa ku Highfield iye ali ndi AnkiDroid pafoni, yomwe imawerengera yokha tsiku loti khadi libwerenso, ndipo imagwira popanda bandulo. Katoni yathu ubwino wake ndi wakuti siithera batire magetsi akazima.

Lachinayi

Makhadi oyamba atha, a masitepe onse 10. Sitinayambe ndi mayina aataliwo. Tinayamba ndi mitundu ya maenzayimu, chifukwa dzina la enzayimu nthawi zambiri limakhala ndi mbali ziwiri, chinthu chimene imagwira ndi ntchito imene imachichita. Kayinezi imasamutsa fosifeti pakati pa ATP, molekyulu yonyamula mphamvu m'selo, ndi molekyulu ina. Ayisomerezi imasintha kaimidwe ka molekyulu popanda kuwonjezera kapena kuchotsa atomu. Myutezi imasuntha kagulu monga fosifeti kuchoka pa kaboni wina kupita pa kaboni wina m'molekyulu yomweyo. Dihayidirojenezi imachotsa mahayidirojeni, ndipo mu gilayikolisisi amene amawalandira ndi NAD+, n'kusanduka NADH.

Ukagwira zinayi zimenezi, njirayo imasiya kukhala mndandanda woloweza. Makayinezi alipo anayi, pa sitepe 1, 3, 7 ndi 10. Awiri oyambawo amadya ATP, awiri otsirizawo amapanga ATP. Dihayidirojenezi ilipo imodzi yokha, pa sitepe 6, choncho NADH yonse ya njirayi imachokera pamenepo. Maayisomerezi ali pa 2 ndi 5, myutezi pa 8. Zotsala ndi ziwiri basi: alidolezi pa 4, imene imadula molekyulu ya makaboni 6 kukhala ziwiri za makaboni 3, ndi enolezi pa 9, imene imachotsa madzi.

Sitepe 4 tailembera khadi lakelake lofunsa kuti, "Kodi kuyambira pati zonse timachulukitsa kawiri, ndipo chifukwa chiyani?" Alidolezi ikadula, zidutswa ziwirizo sizofanana, koma ayisomerezi ya pa sitepe 5 imasandutsa chinacho kuti zonse zilowe njira imodzi. Kuyambira pa 6 kutsika, sitepe iliyonse imachitika kawiri pa gulukozi aliyense. N'chifukwa chake ma ATP opangidwa ndi 4, odyedwa ndi 2, phindu n'kukhala 2, pamodzi ndi ma NADH 2 ndi mapayiruveti 2. Manambala amenewa sitikuwaloweza paokha. Lamulo lathu ndi lakuti woyankha awawerengetsere pakamwa.

Pali kamsampha pa makayinezi awiri otsirizawo. Mayina awo anaperekedwa potengera njira yobwerera. Payiruveti kayinezi ukangomva dzinalo ungaganize kuti imaika fosifeti pa payiruveti, pamene m'thupi imachotsa fosifeti pa PEP, molekyulu yotuluka pa sitepe 9, n'kuipereka kwa ADP kuti isanduke ATP, payiruveti n'kukhala chotulukapo. Makhadi awiriwo tawajambula kadontho kofiira pakona.

Popeza woyika malikisi amafuna dzina lolembedwa bwino, mnzanga wa foni wasankha mtundu wa khadi wotchedwa Basic (type in the answer), umene umakukakamiza kutayipa yankho n'kukuonetsa chilembo chimene waphonya. Limodzi mwa makhadi ake, la sitepe 8 pamene fosifeti imachoka pa kaboni 3 kupita pa kaboni 2, lili motere:

```
Front: 3PG -> 2PG, enzayimu?
Back:  phosphoglycerate mutase
```

Ife a manila timalemba yankho papepala tisanatembenuze khadi. Kuyankha chamumtima sitikukuwerengera, chifukwa munthu amadzikhululukira msanga dzina likangobwera theka.

Loweruka, sabata yachiwiri

Lero kunali kuyesa kwa pepala loyera. Makhadi tinasiya m'zikwama, aliyense n'kujambula njira yonse.

Zimene zatuluka zandiphunzitsa zambiri za malire a makhadi. Mnzanga wa ku Highfield, amene foni yake ikusonyeza kuti akukhoza pafupifupi khadi lililonse, anajambula bwino mpaka pa sitepe 6, kenako cholembera chinaima. Mchemwali uja anangoti, "Aise, 3PG," iye nthawi yomweyo n'kutchula myutezi ndi 2PG osazengereza. Choncho dzinalo analidziwa. Chimene chinasowa ndi funso. Khadi lililonse limakupatsa theka la yankho kutsogolo kwake, ndipo ubongo umaphunzira kudikira thekalo. M'chipinda cha mayeso palibe amene adzakuyambitsire.

Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuona: makhadi akuyenda bwino koma pepala loyera likukana. Takonza m'njira ziwiri. Yoyamba, tawonjezera makhadi ofunsa zimene zili kutsogolo ndi kumbuyo, monga "Chimabwera n'chiyani PEP isanapangidwe?" kapena "Tchula mamolekyulu onse a makaboni 3 motsatana." Yachiwiri, m'katoni taikamo khadi limodzi lopanda yankho kumbuyo, longolembedwa kuti "Jambula gilayikolisisi yonse." Likatuluka, umatenga pepala, umajambula, kenako umatsegula buku n'kukonza ndi cholembera chofiira. Pamene pagwa inki yofiira ndi pamene pamafunika khadi latsopano, osati pena paliponse. Ntchitoyi imatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo ndikuona kuti ndiyo msana wa zonse. Makhadi enawo akungotumikira pepalali.

Lachiwiri, sabata yachitatu

Talowa m'masitepe atatu osabwerera: 1, 3 ndi 10. Masitepe ena 7 aja amatha kuyenda uku ndi uku malinga ndi zimene zachuluka m'selo, koma atatuwa amataya mphamvu yambiri moti sabwerera. Thupi limalamulira njirayi pamenepa, ndipo mafunso a m'mapepala akale amazungulira pomwepa.

Apa patuluka vuto lina, la makhadi ofanana. Hekisokayinezi ndi gulukokayinezi zimagwira ntchito imodzi, kusandutsa gulukozi kukhala G6P, gulukozi wokhala ndi fosifeti pa kaboni 6. Zikakhala pa makhadi osiyana, lero umakhoza ili, mawa ilo, koma mkucha zimasakanikirana, ndipo makhadi onse awiri amangobwerera m'chipinda choyamba. Kuwabwereza kwambiri sikuthandiza, chifukwa chimene chikusowa ndi malire pakati pawo. Tawang'amba n'kulemba khadi limodzi lofunsa chifukwa: "N'chifukwa chiyani chiwindi chili ndi gulukokayinezi?"

Yankho lake limakoka zina zonse. Hekisokayinezi, imene ili m'ziwalo zambiri, ili ndi Km yotsika, pafupifupi 0.1 mmol/L, kutanthauza kuti imagwira gulukozi ngakhale atachepa kwambiri, ndipo G6P ikachuluka imaiimitsa. Selo limatenga zimene likufuna, basi. Gulukokayinezi Km yake ili pamwamba, cha m'ma 8 mpaka 10 mmol/L, pamene shuga wa m'magazi a munthu amene sanadye amakhala cha pa 5. Choncho pa njala chiwindi sichilimbirana gulukozi ndi ubongo. Koma munthu akadya nsima, shuga wochokera m'matumbo amafika wambiri ku chiwindi, gulukokayinezi n'kuyamba kugwira mwamphamvu, ndipo G6P siiimitsa, kotero chiwindi chimapitiriza kututa n'kusunga. Ukamvetsa ntchito ya chiwindi, sungaike Km yotsika pa enzayimu yolakwika.

Loweruka, sabata yomweyo, madzulo

Tsiku lonse lathera pa sitepe 3, ndipo ndilemba mwatsatanetsatane chifukwa apa ndi pamene njira yathu yayesedwa kwenikweni.

Enzayimu ya pamenepa ndi fosifofulukutokayinezi, imene timangoti PFK-1. Imatenga F6P, fulukutozi wokhala ndi fosifeti pa kaboni 6, n'kuwonjezera fosifeti yachiwiri pa kaboni 1, kupanga F1,6BP. Zoiletsa ndi ATP ikachuluka ndi sitireti. Zoikoleza ndi AMP komanso F2,6BP, fulukutozi wa mafosifeti pa kaboni 2 ndi 6. Mbali yoyambayo imamveka yokha: ATP yambiri ikutanthauza kuti selo lakhuta mphamvu, AMP yambiri ikutanthauza kuti lili pa njala. Chovuta ndi F2,6BP. Siili m'njira ya gilayikolisisi, sisanduka payiruveti, ntchito yake ndi uthenga chabe, ndipo dzina lake likusiyana ndi F1,6BP pa nambala imodzi yokha. Inadziwika mochedwa, mu 1980, kudzera mwa Van Schaftingen ndi Hers ku Belgium, patapita zaka zambiri masitepe 10 aja atadziwika kale.

Tinatenga funso la mtundu umene umabwera kawirikawiri: munthu wagona usiku wonse osadya, fotokozani chimene chikuchitika m'chiwindi chake. Khadi limodzi silinganyamule yankho lonse. Ukalemba ndime yonse kumbuyo, umakumbukira magawo atatu mwa asanu ndipo sudziwa ngati ulisunthire kutsogolo kapena ulibweze. Choncho tinadula nkhaniyo m'mfundo zake, mfundo iliyonse khadi lake, ndipo yankho la khadi lina ndilo funso la lotsatira.

Nkhani yake ikuyenda chonchi. Shuga wa m'magazi akatsika, kapamba amatulutsa homoni yotchedwa gulukagoni. Gulukagoni akafika pa selo la chiwindi, cAMP, molekyulu yonyamula uthenga, imakwera m'kati. cAMP imadzutsa PKA, imene ndi kayinezi yoika fosifeti pa mapuloteni. Imodzi mwa mapuloteniwo ndi enzayimu ya mbali ziwiri: mbali ina, PFK-2, imapanga F2,6BP, mbali inayo, FBPase-2, imaiphwanya. M'chiwindi, fosifeti ikaikidwa, mbali yopanga imazima, yophwanya n'kuyaka. F2,6BP imatsika. PFK-1 yataya choikoleza chake chachikulu, choncho gilayikolisisi imachepa.

Mchemwali wa ku Epworth ndiye anaona pamene panali pobisika. Anandifunsa kuti, "Achimwene, tanena kuti chiwindi chasiya kudya gulukozi. Nanga wopita ku ubongoyo akuchokera kuti?" Funsolo linatitengera ku mbali yachiwiri ya F2,6BP. Molekyulu yomweyo imene imakoleza PFK-1 imaletsanso FBPase-1, enzayimu yochotsa fosifeti pa F1,6BP pobwerera kumtunda. Ikatsika, FBPase-1 imamasuka, ndipo gulukoniyojenesisi, njira yopanga gulukozi watsopano, imatseguka. Uthenga umodzi ukutseka njira yotsika n'kutsegula yokwera nthawi yomweyo. Zikanati ziziyenda zonse pamodzi, chiwindi chikanangowotcha ATP pachabe. PKA yomweyo imaikanso fosifeti pa payiruveti kayinezi ya m'chiwindi n'kuizimitsa, kuti PEP imene yapangidwa isabwererenso ku payiruveti.

Pobwerera kumtundako, masitepe 7 obwerera aja amagwiritsa ntchito maenzayimu omwewo, koma atatu osabwerera amafuna njira yolambalala, monga kombi imene yalowa m'tauni pa msewu wopita mbali imodzi, potuluka imadzera msewu wina. Sitepe 10 imalambalalidwa ndi maenzayimu awiri: payiruveti kabokisilezi, imene ili m'mayitokondiriya ndipo imafuna bayotini, kenako PEPCK, imene imadya GTP. Sitepe 3 imalambalalidwa ndi FBPase-1, ndipo sitepe 1 ndi G6Pase, imene imachotsa fosifeti pa G6P. Yotsirizayi ili m'chiwindi ndi mu impso koma mulibe m'minofu, n'chifukwa chake minofu singathe kutumiza gulukozi wake m'magazi.

Makhadi a nkhaniyi tawalemba modutsana mbali zonse. Lina likufunsa kuti, "Gulukagoni wakwera, F2,6BP ikwera kapena itsika?" Lina likutembenuza: "F2,6BP yakwera m'chiwindi, munthuyu wadya kapena ali ndi njala?" Lachiwirili limakukakamiza kuyenda chobwerera mpaka kufika pa insulini, amene amachititsa kuti fosifeti ija ichotsedwe, PFK-2 n'kuyakanso. Pa khadi lililonse talembapo mawu akuti "m'chiwindi", chifukwa lamuloli si la ziwalo zonse. Mu mtima, mwachitsanzo, PFK-2 ikaikidwa fosifeti imagwira kwambiri m'malo mozima. Khadi lopanda dzina la chiwalo lingakuphunzitse bodza uli wotsimikiza.

Pomaliza aliyense anafotokoza nkhani yonse pakamwa, ena awiri akumvetsera ndi buku m'manja, ali ndi ufulu womudula n'kufunsa kuti "chifukwa chiyani?" pamalo alionse. Kufotokoza m'Chichewa kumatithandiza kwambiri pamenepa, chifukwa chiganizo cha m'buku sungachibwereze mmene chilili. Ngati sunamve, umaima.

Lachitatu, sabata yachinayi

Mulu wakula. Mnzanga wa foni anali kulowetsa makhadi atsopano 20 patsiku, mmene Anki imakhalira ukangoiika, ndipo obwereza anayamba kumuunjikira mpaka ena kugona. Wachepetsa atsopanowo, ndipo tonse tagwirizana kuti obwereza azitha kaye tisanakhudze khadi latsopano. Ine chipinda choyamba ndimamanga ndi labala n'kuchiika m'thumba, ndimachimaliza m'kombi popita m'tauni. Anki imatcha khadi leech, kutanthauza khadi lokanika, likalephereka kasanu n'katatu, koma ife sitikudikira kufika pamenepo. Khadi likabwerera katatu timalilembanso, popeza nthawi zambiri limakhala likufunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi kapena lili ndi linzake lofanana nalo.

Lamlungu

Enolezi inali kuzembera tonse atatu. Sitepe 9 ilibe ATP, ilibe NADH, palibe choigwirira. Yankho labwera kuchokera kunyumba. Agogo aakazi ali ndi matenda a shuga, ndipo powaperekeza kokayezetsa ndinayang'anitsitsa mmene namwino amasankhira timabotolo. Magazi oyeza shuga anawathira m'kabotolo ka chivindikiro chotuwa, n'kukatembenuza pang'onopang'ono kangapo kuti asakanikirane ndi kaufa koyera ka pansi. M'kaufako muli sodiyamu fuloraidi, ndipo fuloraidi amaletsa enolezi.

Chifukwa chake chimabwerera ku zimene takhala tikujambula. Maselo ofiira a magazi alibe mayitokondiriya, choncho ATP yawo yonse imachokera ku gilayikolisisi, ndipo sasiya kudya gulukozi chifukwa choti atuluka m'thupi. Magazi akangokhala pa tebulo popanda choletsa, shuga amatsika ndi magawo 5 mpaka 7 pa 100 pa ola, labotale n'kupereka nambala yotsika kuposa yeniyeni. Palinso malire ake amene tawalembera khadi lapadera. Enolezi ili kumunsi kwenikweni kwa njira, kotero fuloraidi akaitseka, hekisokayinezi ya kumtunda imapitirizabe kugwira gulukozi kwa kanthawi mpaka ATP ya m'selo itachepa. N'chifukwa chake ngakhale m'kabotolo kotuwako shuga amatsikabe mu ola loyamba. Chifotokozereni zimenezi kwa anzanga, palibe amene wasiyanso mpata pa sitepe 9.

Loweruka, sabata yachisanu

Pepala loyera lero layenda kwa tonse atatu, kutsika ndi kukwera komwe, ndi maenzayimu anayi olambalala pamalo pake. Inki yofiira yatsala malo awiri. Oyamba ndi mtengo wa gulukoniyojenesisi, ma ATP 4, ma GTP 2 ndi ma NADH 2 pa gulukozi mmodzi, umene tikufuna tiziuwerengetsera sitepe ndi sitepe ngati mmene tinachitira ndi ma ATP aja. Achiwiri ndi F1,6BP kukoleza payiruveti kayinezi kutsogolo kwake, kumene kukusokonezekabe ndi F2,6BP pa PFK-1. Awiriwa tawaphatikiza pa khadi limodzi lofunsa kusiyana kwawo.

Lolemba tikulowa mu mkombero wa Krebs, masitepe 8. Tiyambanso ndi mitundu ya maenzayimu, makamaka madihayidirojenezi anayi amene amatulutsa ma NADH 3 ndi FADH2 imodzi, ndipo khadi loti "Jambula mkombero wonse" lilowa m'katoni tsiku loyamba lomwelo. Mchemwali wa ku Epworth watenga payiruveti dihayidirojenezi ndi zothandizira zake zisanu, abwera ndi makhadi ake Lachitatu.